Cheke cha kasitomala chabwerera: momwe mungaitanitsire ndalama yanu pamodzi ndi machaji a banki

Cheke chikabwerera, a bizinesi ambiri amagwa mbali ziwiri. Ena amaimba foni mtima uli m'mwamba, n'kulalata, kasitomala n'kusiya kuyankha foni. Ena amachita manyazi chifukwa kasitomalayo ndi wamkulu, amangolandira yankho loti "tikonza, musadandaule", ndalama n'kudzabwera mwezi utatha, machaji amene banki inadula n'kuwalipira okha. Onsewa amakhala ataimba foni asanadziwe zinthu ziwiri: chifukwa chenicheni chimene chekecho chabwerera, ndi ndalama yeniyeni imene akufuna. Malangizowa ayambira pamenepo.

Kuti tisamayankhule zam'mwamba, tiyerekeze kuti muli ndi shopu ya zolembera ku Lilongwe, ndipo munaperekera sukulu ina yomwe si yaboma mapepala, inki ya makina osindikizira ndi makope. Invoisi yanu inali ya K1,200,000. Manambala onse a m'chitsanzochi ndi ongoyerekeza, machaji enieni mudzawaona pa sitetimenti yanu.

## Zoyenera kukhala nazo musanaimbe foni

- Cheke chobwereracho, kapena chithunzi chake chochokera ku banki, pamodzi ndi kapepala kofotokoza chifukwa chimene chakanidwira
- Silipi imene munadipozitira chekecho
- Sitetimenti ya akaunti yanu kuyambira tsiku lodipozita mpaka lero
- Invoisi, kalata yawo yoitanitsira katundu ya LPO ngati inalipo, ndi pepala limene anasaina polandira katundu
- Kope la lisiti ngati munawalembera tsiku limene anakupatsani chekecho
- Dzina ndi nambala ya munthu amene amasaina macheke, osati amene anangokubweretserani

Zonsezi zijambuleni pa foni ndipo mupangitse mafotokope. Zenizenizo zikhale mu envulopu imodzi m'kabati, zisamayende nanu m'thumba.

## 1. Werengani chifukwa chimene banki yalemba

Banki sibweza cheke osanena chifukwa. Chifukwacho chimakhala pa chidindo, pa kapepala kobwezera, kapena pa sitetimenti, ndipo chimalembedwa m'Chingerezi, mwachidule. Mawu amenewa ndi amene akuuzeni kuti muyankhule ndi kasitomala mofatsa kapena mwamphamvu.

Pali zifukwa zimene ndi kulakwitsa kwa cholembera chabe. Mukaona `Words and figures differ`, ndiye kuti ndalama yolembedwa m'mawu ikusiyana ndi yolembedwa m'manambala. `Signature differs` akutanthauza kuti siginecha sikufanana ndi imene banki ikusunga. Nthawi zina akaunti imafuna anthu awiri osaina koma wasaina mmodzi, zomwe zimachitika kawirikawiri m'masukulu, m'matchalitchi ndi m'mabungwe pamene wosaina wina ali ku ulendo. Nthawi zinanso wina anafufuta nambala n'kulemba ina popanda kusainira pofufutidwapo. Apa ndalama mwina ilimo mu akaunti yawo, ndipo nkhaniyo ingathe kutha tsiku lomwelo.

Pali zifukwa zina zimene mlandu ungakhale wanu. `Post-dated` ndi cheke chimene mwachidipozita tsiku lolembedwapo lisanafike. `Stale` ndi cheke chimene chagona, chapitirira miyezi 6 chilembedwere. Ngati munasunga cheke m'diresi mpaka kugona, kasitomala akadali ndi ngongole yanu ndipo mungamupemphe china, koma machaji ndi anu. Musawatchule n'komwe.

Ndiye pali zifukwa za ndalama. `Refer to drawer` ndi mawu aulemu a banki, akuti kafunseni mwini cheke, ndipo nthawi zambiri ndiye kuti mu akaunti mulibe ndalama yokwanira. `Effects not cleared` ndi kopepukirapo: ndalama ina yalowa mu akaunti yawo koma siinakhwime, choncho pakapita masiku angapo ingathe kukwana. Zolemera kwambiri ndi `Payment stopped` ndi `Account closed`. Choyambacho chikutanthauza kuti kasitomala mwini wake anauza banki kuti isalipire, ndipo kawirikawiri pamakhala dandaulo pa katundu kapena pa mtengo limene sanakuuzeni. Chachiwiricho ndi cheke cha akaunti yotsekedwa. Munthu amene wakupatsani cheke chotere musamupatsenso katundu pa ngongole mpaka ndalama yonse italowa.

Chenjezo: musavutike kufunsa banki ya kasitomala kuti mu akaunti yake muli zingati. Sangakuuzeni, ndi chinsinsi cha mwini akaunti. Funsani banki yanu yokha, ndipo funso likhale limodzi: kodi cheke chimenechi chingadipozitidwenso kapena chafa?

## 2. Werengerani ndalama, mzere ndi mzere

Apa ndi pamene pamafunika kukhala pansi ndi sitetimenti, chifukwa chilichonse chimene mudzafune kwa kasitomala chiyenera kuoneka papepala la banki.

Yambani ndi ndalama ya pachekepo, osati ya pa invoisi. Ziwirizi zimasiyana nthawi zambiri. M'chitsanzo chathu, sukulu inachotsa msonkho wa MRA umene wogula amadula polipira woperekera katundu, K3 pa K100 iliyonse, ndiye pa K1,200,000 inachotsa K36,000 n'kulemba cheke cha K1,164,000. Mukalemba kalata yofuna K1,200,000, akauntanti wa sukulu apeza poyambira mkangano, ndipo sabata ithera pa kukangana za K36,000 m'malo molipira. Funani K1,164,000, ndipo pambali muwakumbutse za satifiketi ya msonkho umene anadulawo ngati sanakupatseni.

Kenako tsatani sitetimenti ndi chala. Munadipozita Lachiwiri pa 4 Marichi, ndipo ndalamayo inaoneka ngati yalowa. Lachinayi pa 6 Marichi inachotsedwanso, ndipo pansi pake pali mzere wina wa K15,000, chaji ya cheke chobwerera. Lachisanu pa 7 Marichi, banki inayesa kudula ndalama ya lendi ya shopu imene imachoka yokha mwezi uliwonse, inapeza ndalama yosakwana, n'kukudulani K10,000 ina. Mizere iwiri imeneyi ndi machaji anu. Ngati banki yaika msonkho pa chaji iliyonse pa mzere wakewake, uphatikizeni.

Koma machaji awiriwa sali ndi mphamvu yofanana, ndipo ndi bwino kudziwiratu. K15,000 ija yabwera mwachindunji chifukwa cha cheke chawo, palibe amene angaitsutse. K10,000 ya lendi ndi yotsatira. Kasitomala wochenjera angathe kunena kuti, "Ife sitinakuuzeni kuti lendi yanu muidalire pa cheke chathu." Ndipo pang'ono akunena zoona, poti kudalira cheke chimene sichinakhwime n'kuwerengera madzi a mphutsi. Ilembeni ndithu m'kalata, koma pa mzere wakewake, kuti ngati pafunika kusiyapo kanthu pokambirana, musiye imeneyi, ina ija isakhudzidwe.

Zimene simuyenera kuikamo ndi mafuta a galimoto opitira ku banki, mayunitsi a foni, phindu limene mukuganiza kuti mukanapeza, kapena chindapusa chongopeka nokha. Chiwongoladzanja chochedwera kulipira chiikeni pokhapokha chinalembedwa pa invoisi kapena pa mgwirizano wanu. Maganizo anga ndi akuti kalata yoyamba ikhale ya manambala amene munthu angawaloze pa sitetimenti, basi. Mukaonjezapo K50,000 ya "zovuta zimene mwatipatsa", ngakhale K15,000 yoona ija iyamba kuoneka ngati yopeka.

Chiwerengero chathu chikhala chotere:

- Cheke chobwerera: K1,164,000
- Chaji ya cheke chobwerera, 6 Marichi: K15,000
- Chaji ya lendi imene inalephera kudulidwa, 7 Marichi: K10,000
- Zonse pamodzi: K1,189,000

Chenjezo: banki ya kasitomala nayonso imamudula iyeyo chindapusa cheke chake chikabwerera chifukwa chosowa ndalama. Ena amagwiritsa ntchito zimenezi kukana: "Ifenso atidula kale." Zimenezo ndi za iwo ndi banki yawo. Sizichotsa zimene banki yanu yakudulani inu.

## 3. Imbani foni tsiku lomwelo, kwa munthu woyenera

Lamulo la macheke, Bills of Exchange Act, limayembekeza kuti mwini cheke adziwitsidwe msanga cheke chake chikakanidwa. Ngakhale popanda lamulo, kuchedwa kumakupwetekani: ngati ndalama zikuwavuta, ena amene ali nawo ngongole akuimbanso, ndipo woyamba kufika ndi amene amalipidwa. Imbani tsiku limene mwamva, likachedwetsa mawa lake m'mawa.

Imbirani amene ali ndi mphamvu yotulutsa ndalama. Kusukulu ndi akauntanti kapena mwini sukulu, osati mphunzitsi amene anabwera kudzatenga makope. Mawu anu angakhale otere:

"Mwadzuka bwanji bambo? Ndine wa ku shopu ya zolembera uja. Pepani ndakuimbirani m'mawa, pali kankhani kofunika tithandizane. Cheke chija munatipatsa, nambala yake yothera 417, cha K1,164,000, banki yatibwezera dzulo. Alembapo kuti tifunse kwa inu. Ndimati mwina simunamve."

Mukatero khalani chete, ayankhule iwo. Ambiri amalephera apa, amadzaza mpatawo ndi mawu awo omwe, mpaka kuyamba kuwapepesera okha: "Mwina ndi banki yalakwitsa." Asiyeni afotokoze. Mungamve kuti makolo sanamalize kulipira fizi, kapena kuti cheke china chachikulu chinadutsa patsogolo pa chanu. Mverani, koma musalowe m'mavuto awowo. Bwererani ku funso lanu:

"Ndamva bambo, zimachitika. Ndiye tingayembekezere tsiku liti kuti ndalamayi ilowe? Ndikufuna tsiku lenileni, chifukwa nanenso ndili ndi ondiperekera katundu amene akundidikira."

Za machaji zitchuleni pa foni yomweyi, musazisungire mtsogolo. Mukadikira mpaka atalipira ndalama yaikulu ija, nkhani kwa iwo yatha, ndipo kubwereranso kukafuna K25,000 kumaoneka ngati mwayambitsa mlandu watsopano. Nenani mosazungulira:

"Chinanso bambo, banki yatidula K25,000 chifukwa cha kubwerera kwa chekechi. Ndikutumizirani pamene zalembedwa pa sitetimenti, kuti potumiza muphatikize."

Onani kuti simunafunse kuti "kodi mungatithandizeko?" Machaji si chithandizo chimene mukupempha. Koma simunakalipenso. Mawu oti "mwatibera" kapena "cheke chabodza" asatuluke pakamwa panu, ngakhale mtima ukuwawa.

Ngati chifukwa chinali `Payment stopped`, foniyi isinthe. Funsani kaye chimene chavuta. Mwina inki ina inali yosagwirizana ndi makina awo ndipo palibe amene anakuuzani. Dandaulo likakhala loona, likonzeni kapena muchotse mtengo wa katundu ameneyo, koma gawo limene palibe mkangano alipire tsopano.

## 4. Lembani zimene mwagwirizana

Foni ilibe umboni. Ola lisanathe tumizani uthenga pa WhatsApp kapena pa imelo wobwereza zimene mwakambirana, ndipo tsiku lomwelo kapena mawa lake mukasiye kalata yosaina ku ofesi yawo. Ngati ofesiyo imagwira ntchito m'Chingerezi, lembani m'Chingerezi, mfundo zake ndi zomwezi.

> Kwa Akauntanti,
>
> Cheke nambala 000417 cha K1,164,000 chimene chabwerera
>
> Potsatira zimene takambirana pa foni lero, Lachisanu pa 7 Marichi, tikukudziwitsani kuti cheke chimene munatipatsa polipira invoisi nambala 0231 tinachidipozita pa 4 Marichi, ndipo banki yachibweza pa 6 Marichi ndi mawu oti `Refer to drawer`.
>
> Chifukwa cha zimenezi banki yathu yatidula K15,000 pa 6 Marichi ndi K10,000 pa 7 Marichi. Taphatikiza fotokope ya chekecho ndi ya sitetimenti yoonetsa machajiwa.
>
> Tikupempha kuti K1,189,000 ikhale italowa mu akaunti yathu pofika Lachisanu pa 14 Marichi, monga munalonjezera. Chonde tumizani kudzera ku banki mwachindunji, ku akaunti imene ili pansipa, ndipo mulembepo nambala ya invoisi. Ndalama ikalowa tidzakubwezerani cheke chakalecho ndi kukupatsani lisiti.
>
> Ngati pali nambala imene simukugwirizana nayo, tidziwitseni pofika Lachiwiri pa 11 Marichi.

Mzere womalizawo uli ndi ntchito. Umatseka pakamwa munthu amene angadzanene pa tsiku lomaliza kuti "machajiwa sitinagwirizane". Tsiku lomalizira likhale tsiku lotchulidwa, osati "posachedwa" kapena "kumapeto kwa mwezi". Masiku 5 mpaka 7 a ntchito ndi okwanira kwa kasitomala amene ali ndi mtima wolipira.

Popereka kalatayo tengani makope awiri. Lina musiye, lina akusainireni, alembe tsiku, ndipo adinde chidindo cha ofesi. Mlembi wa pa ofesi akhoza kusaina, akungovomereza kuti walandira.

Chenjezo: potumiza sitetimenti, bisani mizere ina yonse ndi ndalama yotsala mu akaunti. Phimbani ndi pepala musanajambule, muonetse dzina la akaunti, tsiku ndi mizere ya machaji yokha. Kasitomala akaona kuti muli ndi ndalama zambiri sachita changu, akaona kuti mwagwira njakata amayamba kukunenererani kuti mulandire theka.

## 5. Sankhani njira yolipirira, musangolandira cheke china

Kasitomala ambiri amati, "Bwerani mudzatenge china." Ngati vuto linali la siginecha kapena la manambala osiyana, cheke china chilibe vuto, ingochionani bwino musanachoke pa ofesipo: tsiku, dzina lanu monga lilili ku banki, mawu ndi manambala, ndi masiginecha onse ofunika. Koma ngati vuto linali la ndalama, cheke chachiwiri chikuchokera mu akaunti yomwe ija. Mudikiranso masiku kuti chikhwime, ndipo chikabwereranso akudulaninso.

Njira yabwino ndi yoti atumize ndalama kuchoka ku akaunti yawo kupita ku yanu, kapena akadipozite kashi mu akaunti yanu. Ngati malamulo a bungwe lawo amafuna cheke basi, apemphe cheke cholembedwa ndi banki yeniyeniyo, chimene banki imayamba yachotsa ndalama mu akaunti yawo isanachilembe. Airtel Money ndi Mpamba ndi zabwino pa machaji aja, koma pa ndalama yaikulu pali malire a ndalama zotumiza, komanso kutapa kuli ndi mtengo wake. Akasankha njira imeneyi, gwirizanani kaye kuti yotapira alipira ndani.

Nanga akati, "Ndalama yalowa tsopano, kachidipoziteninso chomwecho"? Zimatheka ngati banki yanu yati chekecho chikadali chamoyo, makamaka pa `Effects not cleared`. Koma akulembereni uthenga wonena tsiku loti mudipozite, ndi kuti chikabwereranso machaji onse ndi awo. Kumbukiraninso kuti cheke chakalecho chili ndi K1,164,000 yokha, ndiye K25,000 ija iyenera kubwera payokha.

Kasitomala wina sangathe kulipira yonse kamodzi. Kulandira pang'onopang'ono kuli bwino kusiyana n'kukhala chimanjamanja, bola zilembedwe: mwachitsanzo K625,000 pa 14 Marichi ndi K564,000 pa 28 Marichi. Machaji alowe m'gawo loyamba, chifukwa akasiyidwa kumapeto ndi amene amaiwalika. Pa lisiti ya gawo loyamba lembani kuti ndi gawo chabe, ndipo mutchule yotsala.

Chenjezo: chithunzi cha umboni wotumizira ndalama chimene akutumizirani pa WhatsApp si ndalama. Zithunzi zotere ndi mauthenga a pa foni zimapekedwa, ndipo ngakhale zoona zimangosonyeza kuti atumiza. Tsegulani akaunti yanu nokha muone kuti yalowa ndipo mungathe kuitapa.

## 6. Ndalama ikalowa, tsekani nkhani bwinobwino

Cheke chobwereracho ndi umboni wanu waukulu, poti ndi pepala limene iwo eni anasaina kuvomereza ngongole. Chikhale kwa inu mpaka ndalama yonse, ndi machaji omwe, italowa. Munthu akabwera ndi mawu okoma kuti, "Tipatseni chakalecho kuti tikalembe china," muuzeni kuti musinthana dzanja ndi dzanja, ndipo ngati akubweretsa cheke china, chakalecho mubweza chatsopanocho chikakhwima. Pobweza, asaine pa fotokope yanu kuti alandira.

M'mabuku anu, lisiti yoyamba ija ilembeni kuti cheke chake chinabwerera, ndipo ngongole ya kasitomalayo ibwerere pamene inali. Musalembe invoisi yachiwiri ya katundu yemweyo, chifukwa mabuku aonetsa ngati munagulitsa kawiri ndipo msonkho udzawerengedwa kawiri. Machaji alembereni kapepala kawokawo, debiti noti, kotchula nambala ya cheke ndi masiku amene banki inadula. Akauntanti wa kasitomala amakafunanso kapepala kameneka, chifukwa sangatulutse K25,000 popanda pepala loikira kumbuyo. Nthawi zina machaji amakanika kulipidwa chifukwa cha ichi chokha, osati chifukwa chokana.

Pa mainvoisi amtsogolo onjezani mzere umodzi pansi: cheke chikabwerera, machaji onse a banki alipira ndi wogula. Ndi mzere umenewu, nthawi ina simudzafunikanso kukambirana.

## 7. Tsiku likadutsa osalipira

Imbani m'mawa wa tsiku lotsatira, musadikire sabata. Akapempha masiku ena ndipo chifukwa chake chikumveka, apatseni kamodzi, molemba. Akayamba za mawamawa kapena kuzemba foni, lembani kalata yachiwiri, yaifupi kuposa yoyamba, yopita kwa mwini bizinesi kapena wapampando wa bodi. Itchule kalata yoyamba, tsiku limene analonjeza, ndalama yonse, ndi tsiku lomaliza, ndipo inene kuti likadutsa nkhaniyi muipereka kwa loya kapena ku khoti. Musalembe zimenezi ngati simukufuna kuzichita. Kuyambira pamenepa katundu aliyense atenge ndi kashi.

Ku khoti, envulopu ija ndi imene ikuyankhulireni: cheke, kapepala ka banki, invoisi, pepala lolandirira katundu, sitetimenti ndi makalata osainidwa. Kalaliki wa ku khoti la majisitireti angakuuzeni ngati kuchuluka kwa ndalama yanu kukulowa m'khoti limenelo kapena lapamwamba. Apa werengerani mofatsa. Ngati ndalama yaikulu yalipidwa ndipo chatsala ndi machaji okha, kupita ku khoti chifukwa cha K25,000 kudya zambiri kuposa pamenepo. Njira yapafupi ndi kuisiya pa akaunti ya kasitomalayo ngati ngongole, n'kuiika pamwamba pa oda yake yotsatira asanatenge katundu.

## Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri

Kudipozitanso cheke mwakachetechete. Anthu amati mwina lero mwalowa ndalama, n'kukachiponyanso osauza mwini wake. Chikabwerera, chaji yachiwiriyo kasitomala amaikana, ndipo amakhala ndi mfundo, chifukwa sanakuuzeni kuti mutero.

Kuopseza ndi apolisi pa foni yoyamba. Kupereka cheke ukudziwa kuti sichilipidwa, pofuna kutenga katundu mwachinyengo, ungathe kukhala mlandu wa upandu, ndipo cheke cha akaunti yotsekedwa kalekale chingakufikitseni ku polisi ndithu. Koma macheke ambiri obwerera ndi ngongole wamba. Munthu amene mwamuopseza amasiya kuyankhula nanu n'kuyamba kuyankhula kudzera kwa loya, ndipo ndalama imachedwa kuposa kale.

Kuika chithunzi cha cheke pa gulu la WhatsApp kapena pa Facebook. Pachekepo pali dzina, nambala ya akaunti ndi siginecha ya munthu. Mungapezeke inu ndi amene mukuyankha mlandu woipitsa mbiri, ngongole yanu ikadali panja.

Kuzungulitsa nambala. Banki yadula K15,000, inu n'kunena kuti "ndi pafupifupi 20". Akauntanti akapempha sitetimenti n'kupeza kusiyana, chilichonse chimene munene pambuyo pake achikayikira.

Kukhululuka machaji pakamwa kenako n'kuwafunanso. Pa foni mwanena kuti "zamachajizo musadandaule", madzulo mtima wawawa, mawa mwawalemba m'kalata. Ngati mwasankha kuwasiya chifukwa kasitomalayo ndi wakale ndipo aka n'koyamba, asiyeni poyera: alembeni m'kalata, pansi pake n'kulemba kuti ulendo uno mwawachotsa. Mukatero amadziwa kuti munawaona.

Kupereka katundu wina nkhani isanathe. Sukulu ija ingathe kuimba Lachitatu kuti mayeso ayandikira, ikufuna mapepala ena mabokosi 10, ndipo zonse idzalipira pamodzi Lachisanu. Yankho lake ndi loti mabokosiwo alipo ndipo mwawasungira, galimoto inyamuka K1,189,000 ikaoneka mu akaunti.